Chiwongoladzanja chingati kuti K50,000 ya pamwezi ifike K2,500,000?

Moni nonse, takulandiraninso pa tchanelo chathu! Lero tili ndi funso limodzi basi. Mukuika K50,000 kubanki kumapeto kwa mwezi uliwonse, ndipo pakatha zaka 3 mukufuna K2,500,000 ya malata ndi simenti. Ndiye banki izikupatsani chiwongoladzanja chingati kuti mufike pamenepo? Khalani mpaka kumapeto chifukwa yankho lomwe anthu ambiri amapeza ndi labodza.

Choyamba, mwachangu. Zaka 3 ndi miyezi 36, K50,000 kuchulukitsa ka 36 ndi K1,800,000. Ndiye K700,000 yotsalayo iyenera kuchokera ku chiwongoladzanja.

Chachiwiri, bodza lija, ndipo limandipweteka mtima zedi. Munthu amatenga kakyuleta, K700,000 kugawa ndi K1,800,000, wapeza pafupifupi 39 peresenti, kugawa ndi zaka 3, eti 13 peresenti pachaka, basi wadzuka kukasaka banki ya 13 peresenti. Ayi abale anga, ayi! Masamu amenewo akuganiza kuti K1,800,000 yonse munaiika tsiku loyamba n'kuisiya igone kubanki zaka zitatu. Koma inu munali nayo ndalama imeneyo? Munalibe, n'chifukwa chake mukusunga pang'onopang'ono. K50,000 yoyamba ija ikhala miyezi 35 ikubereka, yachiwiri miyezi 34, kumatsika choncho, mpaka ya mwezi womaliza yomwe ikungolowa n'kutuluka osabereka ngakhale tambala imodzi. Zili ngati mbuzi, yomwe mwagula dzulo simungaiwerengere ana ofanana ndi yomwe yakhala m'khola zaka zitatu. Mukatenga avereji, ndalama yanu yagwira ntchito miyezi 17 ndi theka yokha, osakwana ngakhale theka la nthawi yonse.

Mukukaika? Tiyeseni. Pa 13 peresenti pachaka, miyezi 36 ikatha muli ndi pafupifupi K2,187,000. Mwaperewera ndi ndalama yoposa K300,000, ndipo muzindikira zimenezi mmisiri ataimirira kale pakhomo. Ngati inunso munkawerengera choncho lembani mu ndemanga pansipa, musachite manyazi, ndipo dinani laiki kuti vidiyoyi ifikire ena.

Chachitatu, fomula yeniyeni, onani pa sikirini:

```
FV = P * ((1 + r)^n - 1) / r
```

FV ndi cholinga chanu, P ndi yomwe mumaika pamwezi, n ndi miyezi, r ndi chiwongoladzanja cha pamwezi. Vuto ndi loti r ali m'mwamba komanso pansi, ndiye simungamusiye yekha mbali imodzi ngati x wa ku Fomu 2 uja. Njira yake ndi kuyesa manambala. Tiike 1.5 peresenti, yomwe mu fomula ndi 0.015, tikupeza pafupifupi K2,364,000, yachepa. Tiike 2 peresenti, K2,600,000, yapitirira. Ndiye yankho lili pakati, tiyese 1.8 peresenti, K2,502,000. Eya, tafika!

Chachinayi, amene muli ndi Excel kapena Google Sheets pafoni, musavutike:

```
=RATE(36,-50000,0,2500000)
```

Mainasi ali pa 50000 musamuiwale, akutanthauza ndalama yotuluka m'thumba mwanu, mukamusiya muona `#NUM!` basi. Ziro uja ndi ndalama yomwe muli nayo kale muakaunti. Ndipo ngati mumaika kumayambiriro kwa mwezi, onjezani `,1` pambuyo penipeni pa 2500000, yankho litsika pang'ono kufika cha m'ma 1.7 peresenti chifukwa ndalama iliyonse yapeza mwezi wina wobereka. Vidiyo ya sabata yamawa ndi ya Excel yokhayokha, sabusikiraibani isakuphonyeni.

Tsono 1.8 uja ndi wa pamwezi, kubanki amakamba za pachaka. Kuchulukitsa ka 12 ndi 21.6 peresenti, ngati chiwongoladzanja amachiwonjezera muakaunti mwezi ndi mwezi. Mukawerengera kuti nachonso chimabereka, pachaka ndi pafupifupi 24 peresenti. Taonani kusiyana kwake ndi 13 uja! Mukapita kubanki kapena ku SACCO funsani kuti nambala yomwe akukuuzaniyo amaiwerengera bwanji, komanso mutsala ndi zingati akachotsa msonkho ndi matchaji, chifukwa 21.6 wathuyu ndi wofika m'manja mwanu.

Nanga ngati palibe amene akupereka zochuluka choncho? Osathamangira kwa anthu olonjeza 30 peresenti pamwezi pa WhatsApp chonde. Sinthani manambala enawo. Ikani 40 m'malo mwa 36, kapena K60,000 m'malo mwa K50,000, mukasankha K60,000 ndiye kuti K2,160,000 yachokera kwa inu nomwe ndipo chiwongoladzanja chofunika chatsika kufika pafupifupi 10 peresenti pachaka. Yesani ndi manambala anu, mundilembere zomwe mwapeza pansipa. Tionana sabata yamawa!