Kasitomala akufuna mumuchotsere 40 peresenti: imelo yake muiyankhe bwanji?

Mwatumiza mtengo wopangira webusaiti ya masamba 10, ntchito imene mwaiwerengera maola 50. Kutacha mwapeza imelo: "Mtengowu watikulira, tichotsereniko 40 peresenti."

Musathamangire kuyankha, yambani mwawerengetsa. Mukavomera, akulipirani maola 30 okha, 20 enawo mugwira yaulere. Ndiye dzifunseni kuti, ndi ntchito iti imene ingakwane m'maola 30?

[Pa sikirini: 50 − 20 = 30]

Tiyeni tiwapeze maola 20 amenewo. Ngati tsamba limodzi limakudyerani maola atatu, kuchotsa masamba anayi kwakupulumutsirani maola 12. Munalonjeza kukonza katatu akaona ntchitoyo, ulendo uliwonse maola awiri. Chotsani maulendo awiri, utsale umodzi wokha, apo mwapeza maola anayi. Mawu a pamasambawo kasitomala alembe yekha, maola anayi enanso. Akwana 20.

Imelo yanu yoyankha ikhale chonchi.

[Pa sikirini, wofotokoza akuwerenga]

"Zikomo pondiuza mmene ndalama zanu zilili. Pa ntchito yonse ya masamba 10 sinditha kutsitsa mtengo. Koma ndi ndalama mwatchulazo ndingakupangireni masamba 6, kukonza kamodzi, ndipo mawu mubweretse ndinu. Masamba anayi otsalawo tingadzawonjezere m'tsogolo, lililonse pa mtengo wa maola atatu. Mundiuze pofika Lachisanu ngati tiyambe ndi ntchito yonse kapena yochepayi."

Mwaona pamene pali kukana? M'chiganizo chachiwiri, mosapita m'mbali. Ambirife timayamba ndi kupepesa ndime yathunthu, kenako n'kumadandaula za kukwera kwa zinthu. Kasitomala akawerenga zimenezo amadziwa kuti mwafewa, ndipo amabweranso: "Nanga 30 peresenti?" Chifukwa chilichonse chimene mwapereka chimasanduka poyambira kunenerera.

Posankha zochotsa m'pamene anthu amapunthwa. Ena amachotsa tinthu tosadya nthawi, ngati kabatani kamodzi ka mphindi zisanu, n'kutsitsabe mtengo ndi 40 peresenti. Kumeneko n'kuvomera kumene, kungoti mwakuveka malaya ena. Enanso amachotsa zimene ntchito singaime popanda izo, monga kuyesa ngati webusaitiyo ikutseguka bwino pa foni. Ikadzavuta, palibe adzakumbukire kuti analipira zochepa, adzangotchula dzina lanu.

Ndipo zimene mwachotsazo muzilembe ndi manambala ake. Mukangoti "webusaiti yaing'ono", pakatha milungu iwiri mulandira uthenga wakuti, "Tiikireniko katsamba kamodzi kokha." Mawa kenanso, mpaka masamba abwerera pa 10, ndalama zili za maola 30 zomwe zija. Koma ngati munalemba, mungoyankha pansi pa imelo yomwe ija kuti, "N'zotheka, ndi maola atatu monga tinagwirizana. Ndiyambe?"