Tikiti Yopita Yokha: Zomwe Zimachitika pa Kauntala ya ku Chileka

Moni akumudzi nonse, a ku Nsanje, Bangula, Ngabu, Nchalo mpaka pa Dyeratu. Ndikukulankhulani ndili kuno ku Joni, mphepo ikuzizira moti ndikulakalaka kutentha kwa kwathu komwe tinkakudandaula kuja. Lero ndikufuna ndiyankhe funso limene landipeza kawirikawiri m'mauthenga anu: kodi munthu amene ukudziwa kuti sukubwerako msanga, n'kutayiranji ndalama kugula tikiti ya ndege yopita ndi yobwerera? Bwanji osangogula yopita yokha, yobwerera ukaonera konko?

Funsoli ndi lanzeru, chifukwa ndalama ya ulendo ambiri timaipeza titagulitsa ng'ombe kapena mbuzi. Koma tikiti yopita yokha ija ikhoza kukubwezani musanaponde ngakhale pa khomo la ndege, ndipo wokubwezaniyo sakhala wa imigireshoni wa dziko lomwe mukupita ayi. Amakhala mwana wa kwathu konko, wovala yunifolomu ya kampani ya ndege, pa kauntala ya ku Chileka.

Tiyambe ndi chomwe dziko limafuna. Mukamalowa ku South Africa ndi pasipoti ya Malawi, simufunika viza, koma mumalowa ngati mlendo ndipo amakupatsani masiku osapitirira 30. Mlendo ndi munthu amene amapita kwawo. Wa imigireshoni sangaone mumtima mwanu, ndiye amayang'ana zinthu zogwirika: muli ndi ndalama zodyera, muli ndi kofikira, ndipo muli ndi tikiti yotulukira m'dzikomo masiku anu asanathe? Tikitiyo siitsimikizira kuti mudzabwereradi, iwonso akudziwa zimenezo. Chomwe imaonetsa n'chakuti njira yotulukira ilipo ndipo yalipiridwa kale, kotero kuti zinthu zikakuvutani boma lawo silidzaononga ndalama zake kukubwezani. Si South Africa yokha. Maiko monga New Zealand, Philippines ndi Indonesia nawonso amadziwika ndi lamulo lomweli kwa alendo.

Nanga wa pa kauntala zikumukhudza bwanji? Apa ndi pamene ambiri sitimvetsa, timangoti akutichitira nkhanza kapena akufuna ya fanta. Maiko anagwirizana kalekale, kuchokera pa pangano la za maulendo a ndege lomwe linasainidwa ku Chicago mu 1944 ndi malamulo omwe anatsatirapo, kuti munthu akakanizidwa kulowa m'dziko, kampani imene yamubweretsa ndiyo imunyamulenso kumubwezera komwe yamutenga. Mpando umenewo kampani ikanaugulitsa kwa wina. Pamwamba pake maiko ambiri amailipiritsa chindapusa ikabweretsa munthu wopanda mapepala oyenera. Ku Britain, mwachitsanzo, ndi mapaundi 2,000 pa munthu mmodzi wobwera wopanda pasipoti kapena viza yoyenera. Ndiye kampani imaona kuti bola ikukhumudwitseni ku Blantyre kusiyana n'kuti ikalipire kutsidya.

Wa pa kauntala uja sachita kuganiza za m'mutu mwake. Akalowetsa pasipoti yanu ndi komwe mukupita, kompyuta imamuonetsa zofunika kuchokera mu dongosolo lotchedwa Timatic, la bungwe la makampani a ndege la IATA. Likalemba kuti mlendo akhale ndi tikiti yobwerera kapena yopitirira, iye amatsatira zimenezo. Mungamuuze kuti asuweni anu anadutsa chaka chatha osafunsidwa, ndipo zikhoza kukhala zoona, chifukwa si aliyense amene amafunsidwa. Koma kusafunsidwa kwa asuweni si chilolezo chanu.

Ndikuuzeni za mlamu wanga, dzina ndisatchule poti amamvera pulogalamu ino. Ankabwera kudzathandiza mkazi wanga pa nthawi ya uchembere. Ife tinkaganiza kuti pobwerera adzakwera basi chifukwa adzakhala ndi katundu wambiri, ndiye tinamugulira ya ndege yopita yokha. Ananyamuka ku Ngabu m'bandakucha, kukwera minibasi, kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, kukwera zitunda zija za ku Thabwa, mpaka kufika pa bwalo la ndege nthawi ikadalipo. Atapereka pasipoti, mayi wa pa kauntala anayang'ana pa kompyuta n'kufunsa kuti, "Mayi, mubwerera liti?"

"Mwana akabadwa," anatero mlamu wanga.

"Tikiti yobwerera ili kuti?"

"Alamu anga akandigulira ya basi konko."

Mayi uja anangobweza pasipoti pa kauntala mwaulemu n'kunena kuti aime pambali kaye, akapeza umboni wa ulendo wotulukira abwerenso, koma kauntala itsekedwa pakangotsala pafupifupi ola limodzi kuti ndege inyamuke. Foni yanga inalira ndili pa ntchito. "Alamu, andikaniza." Ndinachita kupempha kompyuta ya mu ofesi, n'kugula tikiti ya ndege yobwerera pa mtengo wa tsiku lomwelo, n'kumutumizira pa foni. Mayi uja analowetsa nambala, anaona kuti ndi yeniyeni, n'kumupatsa chiphaso chokwerera.

Panali chinthu chimodzi chimene chikanatigwetsanso, ndipo mvetserani bwino apa. Tsiku lobwerera liyenera kugwera mkati mwa masiku amene akuloleza. Mlamu wanga ankafika pa 4 Juni. Ndikanalemba zoti adzabwerera kumapeto kwa Ogasiti, monga mmene tinkafunira mumtima, tikitiyo ikanasanduka mboni yomutsutsa, yoonetsa kuti wakonzeka kale kupyola masiku 30. Ndinasankha pa 1 Julayi, kusiya masiku angapo opumira. Ndipo pofika pa bwalo la ndege la OR Tambo kuno ku Joni, chofunika si tsiku la pa tikiti koma limene wa imigireshoni walemba pa chidindo. Nthawi zina amapereka masiku ochepa, kutengera zomwe mwayankha. Muziliwerenga musanachoke pa windo.

Tsopano za mtengo. Anthu amaganiza kuti yopita yokha ndi theka la yopita ndi kubwerera. Pa maulendo ochoka dziko lina kupita lina, kawirikawiri sizikhala choncho. Yopita yokha imadya zoposa theka, nthawi zina n'kuyandikira mtengo wonse. Tingoyerekeza: yopita ndi kubwerera ndi 100, yopita yokha ndi 70. Mwaona ngati mwapulumutsa 30. Akakuimitsani pa kauntala, yobwerera mukuigula payokha, mwinanso pa 70 ina kapena kuposa poti mukugula mothamanga. Mwalipira 140 pa ulendo wa 100. Ndi mmene zinatichitikira ifeyo.

Ngati mwagula yopita ndi kubwerera koma pobwerera mwasankha basi, mpando wobwererawo umangopita, nthawi zambiri palibe amene amakulondolani, ndipo mukhoza kupempha kuti akubwezereni gawo lina la misonkho. Koma musayese kutembenuza. Mukadumpha chigawo choyamba cha ulendo, kompyuta imafufuta zigawo zonse zotsatira. Alipo amene anagula tikiti ya Blantyre, Joni, Blantyre, n'kupita pa basi poti anachedwa, pobwerera n'kupeza dzina lawo mulibe.

Kwa amene tsiku lobwerera silikudziwika, njira yabwino ndi tikiti yosinthika tsiku, kapena yobweza ndalama. Imakwera mtengo, inde, ndipo muzifunsa ejenti mafunso awiri mosabisa: kusintha tsiku ndi ndalama zingati, ndipo ndikaibweza mundipatsa ndalama kapena vocha yoti ndidzakwerere tsiku lina? Mawu oti "imabwezedwa" amabisa zambiri.

Nanga tikiti ya basi, yodutsa pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza, imawerengedwa? Ndi umboni ndithu woti mukutuluka m'dziko, ndipo ambiri amailandira ikakhala ya kampani yodziwika, yokhala ndi dzina lanu ndi tsiku. Vuto lake n'lakuti wa pa kauntala ya ndege sangaitsimikize pa kompyuta yake, ndiye zimatsalira pa maganizo ake kapena a bwana wake. Funsani kampani ya ndegeyo musananyamuke kumudzi, ndipo yankho akupatseni lolemba. Kapepala ka pamanja kolembedwa ndi kondakitala pa depoti musakadalire. Komanso ngati tikiti yanu ikupitirira ku dziko lachitatu osati kubwerera kwathu, adzafuna aone kuti kumeneko muli ndi chilolezo cholowa. Tikiti yopita ku dziko limene mulibe viza yake siithandiza kanthu.

Pali anyamata m'tauni amene amakupangirani pepala looneka ngati tikiti pa mtengo wa nkhuku. Ine ndimati musayandikeko. Bukingi yeniyeni imakhala ndi kodi ya zilembo ndi manambala 6, ndipo tikiti yolipiridwa imakhala ndi nambala ya manambala 13, atatu oyambirirawo akusonyeza kampani. Ya Ethiopian Airlines, mwachitsanzo, imayamba ndi 071. Pepala lokhala ndi kodi yokha popanda manambala 13 aja ndi malo ongosungitsa, ndipo amafufutika okha nthawi yolipira ikadutsa, mwina inu muli m'mwamba. Mukagula kwa ejenti aliyense, lowani pa tsamba la kampani ya ndegeyo, lembani kodi ndi dzina la bambo anu monga lilili pa pasipoti, muone ngati ulendo ukutuluka. Kupezeka wopanda tikiti ndi vuto laling'ono, mumangogula. Kupezeka ndi yachinyengo pa windo la imigireshoni ndi nkhani ina: amakusungani m'chipinda cha okanizidwa pa bwalo pomwepo mpaka ndege yokubwezani ipezeke, ndipo dzina lanu limatsala m'kompyuta mwawo.

Ndani amene angagule yopita yokha mtima uli m'malo? Nthawi zambiri ndi amene sakulowa ngati mlendo: muli ndi pemiti ya ntchito kapena chilolezo chokhazikika chomatidwa kale mu pasipoti. Ophunzira awerenge bwino zomwe viza yawo ikunena, maiko amasiyana. Ndiponso pobwerera kwanu palibe amene angakufunseni. Ndi pasipoti ya Malawi, yopita yokha ya ku Chileka kapena ku Lilongwe ndi yokwanira. Koma kalata ya bwana yolonjeza ntchito si pemiti. Mukaionetsa muli pa masiku a mlendo, mwadziulula nokha kuti mwabwera kudzagwira ntchito popanda chilolezo. Ndipo kuyambira 2014, malamulo a kuno salola kuti mlendo asinthire ku viza ya ntchito ali momwemuno, kupatula pa zifukwa zochepa zapadera. Mumayenera kukafunsira kwanu.

Malamulo a chaka chomwecho ndi amene anabweretsa chiletso kwa opyola masiku. Mukapyola ndi masiku osapitirira 30, amakuletsani kulowa kwa chaka chimodzi. Mukabwereza m'miyezi 24, zaka ziwiri. Mukapyola ndi masiku oposa 30, zaka zisanu. N'chifukwa chake mlamu wanga anakwera ndege pa 1 Julayi paja ngakhale mwana anali adakali wakhanda, ndipo katundu wake tinachita kutumiza pa basi pambuyo pake.

Sabata ya mawa tidzakamba za katundu ameneyu, mmene amalipiritsira pa Mwanza ndi zoyenera kulemba pa thumba. Mafunso anu pitirizani kutumiza. Takhuta, akumudzi.