Makalata a Omvera: Ndalama Zikutuluka Zokha ku Banki

"Ndili ndi shopu yotayipa ndi kusindikiza makadi a ukwati pa Dedza boma. Mwezi uliwonse ku banki kumachoka K70,000 ya mapulogalamu anayi amene anandiikira mwana wa achemwali asanapite ku koleji: K26,000 ya misonkhano ya pa vidiyo, K23,000 yokonzera makadi, K17,500 yokonzera zikalata ndi K3,500 yosungira mafayilo. Awiri ndinawafufuta m'foni, koma ndalama zikudulidwabe. Ndichite chiyani?"

Mayi, kalata yanuyi yandikhudza, ndipo sabata ino ofanana nayo abwera angapo. Tiyambe apa: kufufuta pulogalamu m'foni si kuletsa malipiro. Zili ngati kusamuka m'nyumba ya lendi usiku osatsanzika, mwini nyumba amangowerengabe miyezi. Khadi lanu la ku banki linalembetsedwa, ndipo adzadulabe mpaka mutawauza nokha kuti basi.

Pitani ku banki mukapemphe sitetimenti ya miyezi 12. Ya mwezi umodzi siyokwanira, chifukwa ena amadula kamodzi pachaka ndipo mungapeze wachisanu amene simukumudziwa. Mulembe mzere pansi pa dzina lililonse lobwerezabwereza. Ziwerengero zikamasiyana pang'ono musadabwe, ambiri amalipiritsa m'madola. Kumbukirani kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndiye pulogalamu yomweyo inakwera mtengo popanda kusintha kanthu. Kenako mutsegule imelo imene mwanayo analembetsera, mufufuze mawu akuti "receipt" ndi "renewal". Malisiti amenewo ndiwo adzakuuzeni komwe chilichonse chinagulidwa.

Zogulidwa kudzera pa foni ya Android, tsegulani Play Store, dinani chithunzi chanu chapamwambacho, kenako Payments & subscriptions, Subscriptions, musankhe pulogalamuyo ndi kudina Cancel subscription. Mukapeza mulibe kanthu, ndiye kuti mwalowa ndi imelo ina, kapena anagula pa webusayiti ya kampaniyo, ndipo koletsera ndi komweko.

Tsopano pa zinayi zanuzo. Ya makadi ndiyo khasu lanu, isiyeni. Ya misonkhano ya pa vidiyo, ndikufunseni mayi, munachititsa liti msonkhano womaliza? Ngati mukukanda kumutu, iletseni lero. K26,000 pamwezi ndi K312,000 pachaka, ndalama ya inki ndi mapepala imeneyo.

Ya zikalata musathamangire. Muyambe mwaona ngati si mgwirizano wa chaka chonse wolipira pamwezi. Mwachitsanzo, a Adobe pa mgwirizano wotere, masiku 14 oyamba akadutsa, amalipiritsa theka la ndalama za miyezi yotsalayo munthu akaletsa. Tinene kuti yanu ili ndi lamulo lotero ndipo kwatsala miyezi 6: kupitiriza ndi K105,000, kuletsa ndi K52,500, ndiye kuletsa kukupindulitsabe ngati simuigwiritsa ntchito. Ngati pa ntchito yanu yotayipayo mumaifuna kawirikawiri, malizani chakacho, koma mulembe pa kalendala tsiku lotha mgwirizano kuti usayambirenso wokha.

Ya K3,500 ndiyo ndikuopa, ngakhale ili yaing'ono. Ngati ndi malo osungira a Google, aulere ndi 15 GB basi, ndipo Gmail, zithunzi ndi mafayilo zonse zimagawana momwemo. Mukaletsa muli ndi katundu woposa pamenepo, imelo imasiya kulandira ndi kutumiza, makasitomala nkumaganiza kuti mwatseka shopu. Muyambe mwakopera makadi ndi zithunzi za anthu pa kompyuta kapena pa fulashi, muchepetse, kenako muletse. Chilichonse mwaletsa, sungani uthenga wotsimikiza, ndipo mwezi wamawa muonenso sitetimenti. Dzina likaonekanso, ndiye kuti simunafike pa batani lomaliza.

Bambo a ku Lizulu akufunsa ngati kungosiya akaunti yopanda ndalama kungathetse nkhani. Ayi bambo, ambiri amayesanso kudula masiku otsatira, tsiku lomwe mwaika ya mbatatesi nkupita nayo.

Achimwene a ku Linthipe amene mukufunsa za mwezi waulere woyesera pulogalamu, mwezi umenewo umasanduka wolipira ukangotha. Ikani alamu patatsala masiku awiri kuti muletse.

Amayi a ku Kampepuza amene mukufunsa za wantchito wanu amene anachoka, ngati akadali pa mndandanda wa ogwiritsa ntchito pulogalamuyo, mukumulipirirabe. Mchotseni, muchepetsenso chiwerengero cha anthu amene mukulipirira, apo ayi mtengo susintha.

Koma abale anga, ndikudzudzuleni pang'ono. M'makalata onsewa mawu ndi amodzi, "anandiikira mwana". Shopu ndi yanu, khadi ndi lanu, koma imelo ndi pasiwedi zili m'mutu mwa mnyamata amene ali kutali ndipo foni sayankha nthawi ya mayeso. Kiyi wa shopu mumagona naye kumutu, nanga uyu bwanji? Mayi a pa Dedza boma, muimbireni mwanayo madzulo ano akupatseni zonsezo, muzilembe m'kope losungidwa bwino, ndipo pa imeloyo muike nambala ya foni yanu. Mukabwera ku banki mutilemberenso, timve zimene mwapeza m'sitetimentimo.