Khofi ndi ma enaje musanalowe m'bwalo

Zikomo amfumu, zikomo akochi, ndi inu anyamata ndi atsikana a mpira wamiyendo ndi wamanja, ngakhalenso inu a ku jimu ndakuonani kumbuyoko. Lero tikambeko za zija mumamwa musanayambe masewera, khofi, tiyi wamphamvu ndi ma enaje a m'zitini aja. Chomwe chimagwira ntchito m'zonsezi ndi chimodzi, kafeini.

Kafeiniyu sakupatsani mphamvu ngati nsima ayi. M'thupi muli kanthu kotchedwa adenosini kamene kamachulukirachulukira tsiku likamapita n'kumauza ubongo kuti watopa, ndiye kafeini amakakhala pamalo pomwe kanthuko kamatera, uthenga wa kutopa uja sumveka bwino ndipo mumathamanga nthawi yotalikirapo musanamve kulemedwa. Zimagwiradi ntchito, makamaka pa masewera otenga nthawi yaitali monga kuthamanga mtunda, kupalasa njinga ndi mpira.

Tsono muyeso wake ndi pomwe ambiri timaphonya. Akatswiri anapeza kuti zimathandiza pakati pa mamiligalamu 3 ndi 6 pa kilo iliyonse ya thupi lanu, koma ine ndikuti yambirani pa 3 kapena kucheperapo. Titenge mnyamata wolemera makilo 60, ndiye 60 kuchulukitsa ndi 3 tikupeza mamiligalamu 180. Kasupuni kamodzi kodzaza bwino ka khofi wa ufa wosungunuka uja kamakhala ndi mamiligalamu pafupifupi 60, ndiye kwa iyeyu ndi timasupuni titatu basi. Kapu ya tiyi ili cha m'ma 40 kapena 50, kutengera mwauviika nthawi yaitali bwanji. Ma enaje akuluakulu a theka la lita ambiri ali cha m'ma 150, werengani pa chitinipo amalemba. Ndiye amene wamwa zitini ziwiri n'kuwonjezera khofi wadutsa kale, ndipo mukafika pa 9 pa kilo palibe liwiro lowonjezera lomwe mupeze, mungopeza kunjenjemera ndi m'mimba mowinduka. Munthu wamkulu wathanzi asapyole 400 tsiku lonse, kuphatikiza tiyi wa m'mawa uja.

Nthawi yomwera ndi ola limodzi masewera asanayambe, chifukwa kafeini amafika pachimake m'magazi pakatha mphindi 30 mpaka 60. Kumwa wosewera mpira ali kale pa mzere woyimbira wayika wezulo kukamwa, n'kuchedwa.

Koma apa mvetsetsani bwino, ndi pomwe pandikhudza ine. Kafeini satuluka msanga, pamatenga maola pafupifupi 5 kuti theka lokha lichoke. Mnyamata wathu uja gemu ikakhala 3 koloko masana amwa 180 yake 2 koloko, pofika 7 koloko madzulo yatsala 90, pakati pa usiku 45, ameneyu mwina agona ndithu. Koma mnzake wa ku jimu yemwe amaweruka kuntchito n'kumwa muyeso womwewo 5 koloko madzulo, pofika 10 koloko usiku akadali ndi 90 m'magazi, kuli ngati wamwa makapu awiri a tiyi n'kukalowa m'bulangete. Ena mumati ine ndimagona ngakhale nditamwa khofi, inde maso amatseka, koma tulo tofa nato tija timachepa, mumadzuka m'mawa thupi lili lolemera ndiye mumwanso khofi wambiri kuti muyambe tsiku, mawa chimodzimodzi, pomwe minofu imachira munthu ali m'tulo. Kafukufuku wa 2013 anaonetsa kuti mamiligalamu 400 omwedwa kutatsala maola 6 kuti munthu agone anachepetsa tulo ndi ola limodzi ndi kupitirira. Choncho siyani mpata wa maola 6 mpaka 8 musanagone, ndipo ngati mumaphunzira masewera madzulo ingochitani opanda khofi, musungire gemu ya masana. Azimayi amene muli pa mapilitsi olera, kwa inu kafeini amachedwa kutuluka pafupifupi kawiri, ndipo oyembekezera asapyole 200 pa tsiku.

Nanga nkhawa? Tsiku la gemu mtima umakhala uli kale phaphapha, ndiye kafeini amangowonjezera pomwepo. Mukaona mtima ukugunda mothamanga musanathamange n'komwe, manja akunjenjemera, thukuta m'zikhatho, kupuma mobanika kapena kuthamangira kuchimbudzi pafupipafupi, dziwani kuti mwamwa wochuluka. Taganizani shuta wa mpira wamanja waima pansi pa golo manja akunjenjemera, kapena wokamenya penate, phindu lake lili pati? Matupi amasiyana, wina kasupuni kamodzi kamukwanira. Ngati mumavutika kale ndi nkhawa kapena mantha obwera mwadzidzidzi, kafeini atha kukuyambitsirani zimenezo, ndipo a BP ndi a vuto la mtima ayambe afunsa kuchipatala. Ana asukuluwa akochi musawagulire ma enaje chonde. Ndipo musakayesere tsiku la fainolo, yesani kaye pa tireningi ya m'mawa ndi theka la muyeso wanu, muone mmene mtima ukuchitira komanso mmene mugonere usiku umenewo.