"Ndigulitseni cholembera ichi": muyankha bwanji pa mafunso a ntchito?

(Pa tebulo pali cholembera ndi buku la malisiti.)

Mwaitanidwa ku mafunso a ntchito yogulitsa malonda, kaya ku Tete, ku Moatize kapena ku Ulongwe. Kurikulo, BI ndi NUIT zili m'fayilo. Katundu wa kampaniyo ndi mitengo yake mwazidziwa dzulo, ndipo mwakonzekera m'Chichewa ndi m'Chipwitikizi momwe, chifukwa bwana akhoza kusintha chilankhulo pakati pa nkhani. Kenako akukankhirani cholembera n'kunena kuti, "Ndigulitseni."

Ambiri amagwa pomwepa. Amayamba kutama kuti n'chokongola, n'chabuluu, chimalemba bwino. Bwanayo sakufuna cholembera ayi. Akufuna aone ngati mumayamba mwafunsa vuto la wogula musanatame katundu. Choncho chigwireni m'manja, mufunse mafunso awiri kapena atatu. Akapitirira pamenepo, munthu amatopa.

(Anthu awiri akhala moyang'anizana.)

Wofunsira ntchito: Bwana, mumalemba chiyani kawirikawiri pa ntchito yanu?

Bwana: Malisiti. Timagula mbatata kwa alimi ku Tsangano.

Wofunsira ntchito: Buku lake ndi la kaboni?

Bwana: Eya, la masamba atatu. Tsamba lapansi nthawi zina siliwerengeka, mlimi n'kumakana kulemera kwa thumba.

Wofunsira ntchito: Talembani nachoni m'buku lanulo, kenako tione tsamba lachitatu.

(Kamera iyandikire. Manambala akuoneka bwinobwino.)

Taimani kaye. Apa sanalonjeze kanthu. Wapereka cholembera m'manja mwa wogula, ndipo umboni wautulutsa ndi wogula mwiniwake. Ngati simunachiyese, musanene kuti sichidontha inki dzuwa la ku Tete likaphulika. Bwana akakugwirani bodza limodzi, ntchito yapita.

Tsopano kukana kukubwera, ndipo amakana dala.

Bwana: Mametikali 20? Pamsika ndimagula pa 10.

Wofunsira ntchito: Zoonadi bwana, ichi n'chokwererapo. Koma mkangano wa thumba limodzi umakutayitsani zingati?

Bwana: Zoposa pamenepo ndithu.

Wofunsira ntchito: Alembi anu alipo angati?

Bwana: Asanu.

Wofunsira ntchito: Ndiye ndikusiyireni zisanu, kapena khumi kuti aliyense akhale ndi chosungira?

Musathamangire kutsitsa mtengo. Mukangoti "tengani pa 10," mwamuuza bwana kuti phindu la kampani mudzalitaya tsiku loyamba lomwe. Ndipo mukafunsa funso lomalizalo, khalani chete mpaka ayankhe. Ambiri amachita manyazi n'kuyambanso kutama cholembera, malonda n'kuzizira.

Nanga akati, "Ine sindilemba, zonse ndimachita pa foni"? Musakangane nawo. Funsani amene amasaina katundu akafika kusitolo, kapena ngati kunyumba kuli ana a sukulu. Akakananso, thokozani, mufunse ngati akudziwa wina amene mungamuone.

Madzulo ano pezani mnzanu akhale bwana, akukaneni kawiri, ndipo mudzijambule pa foni. Pomvetsera, onani amene walankhula kwambiri. Ngati ndinu, bwerezani.