Uthenga kwa mng'ono wanga: kumva za ntchito isanalengezedwe

Mng'ono wanga, wadzuka bwanji kumeneko? Kuno ku Joni tadzuka. Amayi andiuza kuti makalata ukuponyabe koma kuli zii, ndiye umvere uthengawu mpaka kumapeto.

Ntchito ukamaiona m'nyuzipepa, am'kati amakhala ataidziwa kalekale. M'mabungwe a zaulimi amene ukufunawo, malo amatseguka munthu akapereka notisi, yomwe kwa wolandira pamwezi imakhala ya mwezi umodzi, kapena opereka thandizo akavomera pulojekiti yatsopano. Kuchokera pamenepo, ofesi yolemba anthu ntchito imakonza kaye ndondomeko ya udindowo, mabwana asayine, ndiye alengeze. Pamadutsa masabata angapo. Koma akangolengeza, amapereka sabata imodzi kapena ziwiri basi n'kutseka. Masabata a pakatiwo ndi amene ndikufuna ukhale nawo m'manja.

Tenga kope, ulembe mayina 15 a anthu amene anamaliza ku Bunda zaka zitatu mpaka zisanu iwe usanamalize. Anzako a m'kalasi akusaka ngati iwe, ndipo akuluakulu amene anachoka kalekale sadziwa za maudindo oyambira. Apakatiwa ndi amene amakhala muofesi imodzi ndi mlangizi amene akuchokayo. Uwapeza pagulu la WhatsApp la amene anaphunzira kumeneko, komanso pa LinkedIn: tsegula tsamba la LUANAR, dina pamene palembedwa Alumni, uone aliyense kumene akugwira. Uwonjezepo mphunzitsi amene anakuyang'anira pa kafukufuku wako ndi bwana wa kumene unakaphunzirira ntchito, chifukwa mabungwe akafuna anthu mwachangu amafunsa kwa oterewa.

Polemba, usayambe ndi "mundipezereko ntchito". Munthuyo alibe mphamvu yolemba, ndiye amachita manyazi n'kungokhala chete. Ndipo usalembe "moni" yekha n'kudikira. Nena zonse mu uthenga umodzi: "Achimwene, ndinamaliza ku Bunda chaka chatha, za ulangizi, a Uje ndiwo andipatsa nambala yanu. Ndikupempha mphindi khumi tsiku lomwe mungamasuke, ndifunseko mmene ntchito za m'madera zimayendera kwanuko." Foniyo uimbe ndiwe, mayunitsi ako.

Akalola, funsa zinthu zomwe angayankhe osadziika m'mavuto. Pulojekiti yawo ikutha liti, ndipo pali ina ikubwera, m'maboma ati? Amene analembedwa komaliza anali ndi chiyani chomwe ena analibe? Amalengeza kuti, m'nyuzipepa kapena patsamba lawo lokha?

Tiyerekeze wakuuza kuti pulojekiti ya ulimi wothirira ku Chikwawa yavomerezedwa, adzafuna alangizi mwezi wamawa. Usathamangire kuponya kalata, palibe pomwe ingagwere. Yamba ndi zomwe zimachedwa. Alangizi a m'madera amayenda panjinga yamoto, ndiye laisensi yake amaifuna kawirikawiri, ndipo siipezeka pasabata imodzi. Lowa sukulu yoyendetsa pompo. Masatifiketi uwajambulitse, uwadinditse, ukhalenso nawo mufoni. Anthu atatu okuikira umboni uwaimbire, uwauze udindo wake, utsimikize kuti nambala zawo zikugwira. Sivi uikonze kuti za mthirira zomwe unachita zikhale pamwamba, ndipo ngati Chisena umachimva, ulembe, kuchigwa cha Shire n'chofunika. Tsiku lolengeza, ena akuyamba kufunafuna mapepala, iwe ukutumiza.

Apa ndiye pamene ambiri amalakwitsa. Zomwe wauzidwa usaziponye pagulu, ndipo dzina la wokuuzayo usalitchule m'kalata kapena pa intavyu usanamupemphe. Akakutumizira chikalata cha m'kati chosalengezedwa, chiwerenge n'kuchisiya. Ukakopera mawu ake m'kalata yako, adziwa kuti wina watulutsa, ndipo amene avutike ndi iye. Kumva msanga sikudumpha mzere: uponyabe kalata ngati wina aliyense, makamaka ntchito za boma, zomwe zili ndi njira yake yolembera.

Wina akati tumiza ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money kuti dzina lako lilowe, ngakhale ali pagulu la sukulu lomwelo, ameneyo ndi wakuba. Umuzindikira poti amakufulumizitsa, ndipo imelo yake ndi ya Gmail, osati ya bungwe.

Pa anthu 15 aja ambiri sayankha, usadandaule. Wosayankha umukumbutse kamodzi pakatha sabata, kenako umusiye. Amene walankhula naye umuthokoze tsiku lomwelo, ulembe m'kope zomwe wanena ndi deti lake, ndipo pakatha mwezi umuuze zomwe wachita ndi malangizo ake, monga kuti laisensi ija yatuluka. Akamva za malo, akumbukira amene walankhula naye posachedwa.

Mayina aja unditumizire pofika Lamlungu, tione limodzi woyambira. Ya laisensi ndikutumizira mwezi ukatha. Upereke moni kwa amayi.