Uthenga wa mawu kwa anamwino anzanga, a kumudzi ndi a kuno ku UK

Moni nonse asisi ndi achimwene. Ndikudziwa ena muli pa shifiti, mumvera mukaweruka. Ndasankha kulankhula kamodzi pagulu pano chifukwa funso likubwera kwa ine kumbali ndi limodzi lomwelo, loti "asisi, tandipezereniko malo kumeneko." Ndiyankha a kumudzi, komanso ndilankhula ndi ife tili kunofe, poti kathandizidwe kathu nthawi zina kakuwapweteka anzathu.

Choyamba mvetsani ichi. Malawi ali pa mndandanda wa bungwe la WHO wa maiko amene ali ndi ogwira ntchito zaumoyo ochepa kwambiri. Mndandandawo unatuluka mu 2020, anaukonzanso mu 2023, ndipo Zambia ndi Zimbabwe alimonso. Boma la UK limautcha mndandanda wofiira, ndipo malamulo ake olembera anthu ntchito akuti chipatala kapena ajenti asapite kukakopa anamwino m'maiko amenewa. Asalengeze ntchito kumeneko, asalipirenso wantchito wawo kuti abweretse mnzake. Koma khomo silinatsekedwe. Namwino wa ku Malawi ali ndi ufulu wofunsira ntchito yekha, m'dzina lake, mwachindunji kwa olemba ntchito, popanda munthu wapakati. Ndiye ine sindingakupezereni malo, ndipo aliyense wa kuno amene akukuuzani kuti ali ndi malo m'manja, mumufunse bwinobwino. Chimene ife tingakupatseni ndi kudziwa njira, nthawi yathu, ndi maso oti aone mapepala anu musanatumize.

Tsono njirayo. Nditenge chitsanzo cha namwino amene ali ndi digiri ya ku Kamuzu College of Nursing, imene pano ili mu KUHeS, kapena ya ku Mzuni, ndipo akugwira pa chipatala cha boma m'wodi ya amuna. Asanalipire kalikonse, atulutse mapepala ake onse awayale pa tebulo: pasipoti, digiri, satifiketi ya ku Nurses and Midwives Council of Malawi, chiphaso cha unzika. Awerenge dzina pa lililonse, chilembo ndi chilembo. Kwathu zimachitika kuti pa digiri pali dzina la bambo, pa pasipoti pali la mwamuna, pena dzina lapakati lasowa, pena pa pepala lina alemba L pomwe pa linzake pali R. Ife timaona ngati nkhani yaing'ono. Kuno fayilo imaima pomwepo mpaka mutatumiza umboni woti ndinu munthu mmodzi, kaya satifiketi ya ukwati kaya kalata yolumbira pamaso pa loya. Konzani zimenezi muli kumudzi, pamene mukhoza kukwera minibasi n'kukafika nokha pa ofesi.

Kwa anzathu amene munaphunzira m'makoleji a CHAM, ma NMT, ndikupempheni chinthu chimodzi. Musayambe ndi mayeso a Chingerezi. Yambani mwawerenga pa tsamba la NMC, bungwe lolembetsa anamwino kuno, muone ngati maphunziro anu akukwanira pa zimene amafuna. Ngati pakufunika kukweza maphunziro kaye, ndalama ipite kumeneko.

Kenako Chingerezi, ndipo apa ndi pamene ambiri amakhalitsa. Pali IELTS Academic ndi OET. Pa IELTS amafuna 7 powerenga, pomvetsera ndi polankhula, 6.5 polemba. Pa OET amafuna B m'zitatuzo, C+ polemba. Musanene kuti ndaphunzira m'Chingerezi kuyambira Sitandade 5 ndiye ndingolowa. Amene amagwa ambiri amagwa polemba, chifukwa pa OET amakupatsani zolemba za wodwala n'kukuuzani kuti mulembe kalata yomutumiza kwa dokotala kapena namwino wina, ndipo amafuna musankhe zofunika zokha. Ife tinazolowera kulemba zonse zimene taona, kuopa kukalipidwa. Kalata ikatalika, malikisi amatsika. Zotsatira zake zimagwira ntchito zaka ziwiri basi, choncho musalembe mayesowa ngati simunakonzeke kupitiriza. Wina amakhoza bwino, n'kukhala chaka ndi theka akusaka ndalama ya gawo lotsatira, pofika polembetsa zotsatira zatha mphamvu, ayambirenso.

Mukatero mumatsegula akaunti ku NMC, inu nomwe, ndi imelo yanu. Mawu achinsinsi musapatse munthu, ngakhale ine. Iwo amafuna chitsimikizo chochokera ku khonsolo yathu ya anamwino ku Lilongwe kuti ndinu wolembetsedwa ndipo mulibe mlandu, ndiye onetsetsani kuti mwalipira chiphaso chanu cha chaka ndipo mukutsatira nokha kuti ayankha. Pamafunikanso kalata ya ku polisi. Akakulolani mumalemba CBT, mayeso a pa kompyuta a magawo awiri, la masamu a mankhwala ndi la unamwino. Omaliza, OSCE, ndi ochita ndi manja, a magawo khumi, ndipo amalembedwa kuno kokha, m'malo ngati Northampton, Oxford ndi Leeds. Mtengo wake ukuyandikira mapaundi 800, koma zipatala zambiri za NHS zimalipira zokha zikakulembani. Mufunse pa intavyu kuti alipira ndani.

Tsopano ndilankhule ndi ife a kuno. Anzanga, kutumiza linki ya ntchito pagulu n'kuzimitsa foni si kuthandiza ayi. Linki aliyense akhoza kuipeza pa NHS Jobs. Chimene mnzathu wa ku Ntcheu kapena ku Rumphi sangachipeze yekha ndi munthu womuuza kuti fomu ija imawerengedwa bwanji. Pa ntchito iliyonse pali pepala lolembedwa Person Specification, ndipo osankha amakhala nalo pambali n'kumachonga mfundo imodziimodzi. M'bokosi la Supporting information anzathu amalemba kuti ndine wolimbikira ntchito, woopa Mulungu, wokonda odwala. Zoona zonsezo, koma sizipeza malikisi. Mfundo ikati munthu azitha kuzindikira wodwala amene akuipiraipira, alembe zimene anachitadi: usiku wina ndili ndekha ndi odwala odzaza wodi, ndinaona bambo wina akupuma mofulumira, ndinayeza BP n'kupeza yatsika, ndinamuika diripi, ndinaitana kiliniko ofesa, ndinalemba nthawi ya chilichonse. Anamwino athu ali ndi nkhani zotere zambirimbiri, kuposa ambiri amene ndimagwira nawo ntchito kuno. Amangoziona ngati za tsiku ndi tsiku. Ntchito yathu ndi kuwafunsa mafunso mpaka nkhanizo zituluke. Koma musamulembere. Mukamulembera, pa intavyu adzamufunsa za mawu amene si ake ndipo zidzaonekeratu.

Ndiye tengani munthu mmodzi, osati khumi. Mmodzi, mumuperekeze mpaka afike. Muimbireni pa vidiyo, mukhale ngati ndinu wofunsa, mumufunse zimene amakonda kufunsa kuno: ukaona mnzako walakwitsa mankhwala utani, wodwala akakana chithandizo utani, ukaganiza kuti gogo akuzunzidwa kunyumba uuza ndani. Kwathu ulemu umatiuza kuti wamkulu satsutsidwa, ndiye mnzathu amayankha kuti ndingakhale chete, kapena ndingamulangize kumbali. Kuno yankho limenelo limamugwetsa. Amafuna amve kuti uteteza wodwala kaye, uuza wamkulu wa wodi, ulemba lipoti. Ndipo za nthawi, samalani. Kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala Malawi amakhala patsogolo ndi ola limodzi, miyezi inayo maola awiri. Kalata ikati teni koloko m'mawa mu Januwale, kwathu ndi thwelofu koloko masana. Tsikulo foni ikhale yodzaza moto, bando ikhale yokwanira, ndipo khalani poti magetsi akazima simusowa pogwira.

China, umboni wa kuntchito. NHS imafuna mbiri ya zaka zitatu zapitazi kuchokera kwa amene amakuyang'anirani. Ife a kuno tisadzipereke kukhala mboni ya ntchito imene sitinaione. Amene ali kumudzi akalankhule ndi ametironi awo nthawi ilipo, awauze kuti kubwera imelo, ayang'anenso m'bokosi la Spam. Ngati alibe imelo ya kuntchito, kalata ikhale pa pepala la chipatala, yodindidwa. Ichi n'chifukwa chake ndimati chokani bwino. Ngati boma kapena mishoni inakulipirirani sukulu ndipo munasaina kuti mugwira zaka zakuti, malizani kapena kakambiraneni. Kuthawa usiku kumatseka pakamwa pa munthu yemweyo amene mudzamufune mawa, komanso kumasiya mnzanu yekha pa wodi osakonzekera.

Ndifike pa nkhani imene ikundiwawa. Anthu agulitsa malo, agulitsa galimoto, atenga katapila, kuti agule CoS. Tamverani. CoS si pepala logulitsa. Ndi nambala imene olemba ntchito amakupatsani pa kompyuta akakulembani, ndipo mumaigwiritsa ntchito pofunsira viza pasanathe miyezi itatu. Amalipira ndi iwowo, ndipo saloledwa kukulipiritsani. Lamulo la kuno limaletsanso ajenti kulipiritsa munthu chifukwa chomupezera ntchito. Ndiponso kuyambira pa 22 Julaye 2025, boma la UK linatseka njira yobweretsa kuchokera kunja anthu osamalira okalamba, ma keya aja. Munthu akakuuzani lero kuti bwerani kaye ngati keya, za unesi mudzaona muli konkuno, akukunamizani.

Kalata ya ntchito ikakufikani, chitani izi musanasangalale. Pitani pa gov.uk, mufufuze Register of licensed sponsors, muone ngati dzina la kampaniyo lilipo ndendende mmene lalembedwera pa kalata. Akuba amatenga dzina lenileni la kampani yololedwa, choncho kulipeza pamenepo sikukwanira. Onani imelo imene yatumiza. Ya chipatala cha NHS ku England imathera ndi nhs.net kapena nhs.uk, osati gmail.com. Dzifunseni ngati munachitadi intavyu yoonana nkhope. Kenako nditumizireni ine kapena wina wa kuno. Ife tikhoza kuimba pa nambala yeniyeni ya chipatalacho, imene tapeza tokha osati ya pa kalatayo, n'kufunsa ngati munthu wasainayo amagwiradi kumeneko. Kwa ife ndi mphindi zisanu pa nthawi yopuma.

Kontilakiti nayonso muiwerenge, makamaka ndime yonena za kubweza ndalama mukachoka msanga. Ndalamayo iyenera kulembedwa momveka, ndipo izichepa chaka ndi chaka. Ikakhala yaikulu, yosatsika, bwezani mafunso musanasaine.

Ndisakubisireni, malo olemba anthu ochokera kunja achepa kuyerekeza ndi zaka za m'mbuyomu, ndiye mukhoza kufunsira kambirimbiri osayankhidwa. Pa chifukwa chimenechi musasiye ntchito kumudzi viza isanatuluke.

Amene mwakhoza kale Chingerezi, lembani pagulu pano kuti muli pa gawo liti. A kuno amene muli ndi mpata Loweruka, nenaninso, tigawane mmodzimmodzi. Asisi a ku mateniti, inu mutenge azamba, poti mayeso awo ndi osiyana ndi athu.